Namivi ndi Mainasi 137

Mkazi wa mng'ono wanga amaphunzitsa kemisitiri ku sekondale. Ana a sukulu anamutcha Namivi, ndipo dzinalo linamumata moti ngakhale mwamuna wake akafuna kumuputa amamuitana choncho. Ine ndimati alamu. Iyenso amati alamu pakakhala mtendere. Akakwiya amati "akulu inu".

Ndi mayi wamfupi, woyenda mofulumira ngati wasiya mphika pamoto. Chala chake cholozera chinayera ndi choko ndipo sopo anachilephera. Amakangana ndi wailesi ikanena zabodza. Mng'ono wanga, yemwe amayendetsa basi, amati anakwatira woyang'anira matikiti wosatopa.

Inenso ndinaphunzitsa kemisitiri zaka makumi atatu. Ndikunena zimenezi kuti mudziwe kuti zimene zinachitika mu holo yochongera mayeso ndinkazimva bwinobwino, ndipo ndilibe pobisala.

Bambo ake a Namivi ankagwira ntchito pa fakitale ya majarini. Ntchito yawo inali kuimirira pambali pa thanki yaikulu imene amalimbitsiramo mafuta. Mafutawo amayamba awatenthetsa, kenako amalowetsamo mpweya wa haidirojeni. Mpweyawo ukangoyamba kugwirana ndi mafuta, thanki imadzitenthetsa yokha, ndipo pamafunika munthu wotsegula madzi ozizira m'mapaipi. Munthuyo anali iwo. Tsiku lina pampu ya madzi inaima. Anathamangira kukatseka mpweya, mkono unagunda chitsulo, khungu linatsala pomwepo. Namivi anakula akuona chipsera chimenecho, kuyambira pachigongono mpaka pamene amamangira wotchi. Munthu aliyense angamunamize zina, koma osati kuti haidirojeni akamalowa m'chinthu chotere pamazizira.

Dzina lake linachokera pa bolodi. Pali mutu wina umene ana amauopa, wofufuza kutentha kumene kumatuluka kapena kulowa zinthu zikamasandulika. Mabuku amakutcha enthalipi. Kutentha kukatuluka, nambala imakhala ndi mainasi. Kukalowa, pulasi. Nthawi zambiri sungathe kukuyeza mwachindunji, ndiye umazungulira, pogwiritsa ntchito manambala odziwika kale. Ambiri a ife timangopatsa ana kanyimbo koti aloweze: kumanja kuchotsa kumanzere. Kumanzere ndi zimene wayamba nazo, kumanja ndi zimene zapangidwa. Namivi kanyimboko amadana nako ngati mphemvu ya m'kabati.

"Jambulani mivi," amatero. "Yemwe sanajambule, ndisaone dzanja lake m'mwamba."

Amawauza za nyumba yosanja. Iwe uli m'chipinda china, mnzako ali m'china, khomo lapakati n'lokhoma. Ukufuna kudziwa amene ali pamwamba, ndi masitepe angati. Tsika mpaka pansi ukuwerenga. Mnzakonso atsike akuwerenga. Kusiyana kwake ndiye yankho. Njira imene wadzera ilibe kanthu, chofunika ndi pamene wayambira ndi pamene wathera. Limenelo ndi lamulo la Hess, ndipo iye amatha sabata yathunthu pa ilo lokha. Ana amadandaula kuti kalasi linalo latha kale mutu wonse. Iye amati, "Kathamangeni nawo."

Chaka chilichonse sukulu zikatsekera, tinkaitanidwa kukachonga mayeso a ana omaliza. Namivi anali atachonga zaka khumi ndi chimodzi, tebulo limodzi ndi ine. Ankaikonda ntchitoyo kuposa mmene ankavomerera. Ankati ndi pokhapo pamene amaona zimene zili m'mitu ya ana a aphunzitsi ena.

Malo ake ndi holo ya sukulu ina, ya mawindo ataliatali, magalasi ena osweka anamatapo makatoni. Mafoni timasiya m'bokosi pakhomo. Aliyense amapatsidwa cholembera chofiira chokhala ndi nambala yake. Woyang'anira tebulo amagwira chobiriwira, n'chifukwa chake wathu tinkangomutcha a Girini. Mapepala amabwera m'maenvulopu, alibe maina, nambala zokha. Tsiku loyamba sitichonga. Timakhala pansi ndi mkulu wa ochonga, n'kudutsa funso lililonse ndi yankho lake pa pepala limene timalitcha sikimu. Tikagwirizana, aliyense amasaina kumapeto. Kuyambira pamenepo sikimu ndi lamulo. Lamuloli n'labwino, chifukwa popanda ilo mwana mmodzi yemweyo angakhoze pa tebulo ili n'kulephera pa tebulo ilo.

Mkulu wathu tinkamutcha a Kabuku, chifukwa analemba kabuku ka manotsi kamene kali m'chikwama cha mwana aliyense. Anali munthu wamtali, wa mawu ofewa, wa tayi tsiku lililonse. Sanali chitsiru. Kemisitiri ankaidziwa. Koma m'kabuku kawo, pa mutu umenewu, munali bokosi la zilembo zikuluzikulu: NTHAWI ZONSE, KUMANJA KUCHOTSA KUMANZERE.

Chaka chimenecho Namivi sanakhalepo Lolemba ndi Lachiwiri. Mwana wake wamkazi anali kuchipatala, akuchira mwana woyamba. Anafika Lachitatu m'mawa, maso ofiira, atanyamula botolo la madzi. Sodiyamu, mphunzitsi wa pa tebulo pathu amene anamutcha choncho chifukwa akangokhudza zamadzimadzi amayamba kulilima, anaimirira n'kuwerama.

"Agogo afika. Tipatseni dzina la mdzukulu, tiyambe kumukonzera mivi."

"Khala pansi usanaphulike," anatero Namivi.

A Girini anamupatsa sikimu ndi envulopu. "Sainani apa, mayi. Muziwerenga mukuchonga, tatsalira."

Namivi sanasaine. Anaika sikimu kumanzere, n'kutsegula envulopu. Pepala loyamba, mwanayo funso lachisanu ndi chiwiri sanaliyankhe. Lachiwiri chimodzimodzi. Pa lachitatu, dzanja lake linaima.

Funsolo linali ili. Mpweya wa ethini, C₂H₄, ukagwirana ndi haidirojeni, H₂, umasanduka etheni, C₂H₆. Anawo anapatsidwa kutentha kumene kumatuluka chilichonse mwa zitatuzi chikapsa, m'makilojulo pa molo imodzi: ethini −1411, haidirojeni −286, etheni −1560. Apeze enthalipi ya kusandulikako, anenenso ngati kutentha kukutuluka kapena kukulowa. Malikisi asanu.

Mwana wa pepala lachitatu, nambala yake yothera ndi 0418, anajambula bwino ndi lula. Pamwamba kumanzere ethini ndi haidirojeni, pamwamba kumanja etheni, pansi 2CO₂ ndi 3H₂O. Mivi iwiri yoloza pansi. Kenako analemba: −1697 kuchotsa −1560, yankho −137. Kutentha kukutuluka.

Sikimu inati +137. Kutentha kukulowa. Malikisi awiri anali a kulemba kumanja kuchotsa kumanzere, awiri a yankho ndi chizindikiro chake, imodzi ya kunena kuti kukulowa. Mwana wa 0418 ankayenera kulandira ziro.

"Alamu," anandinong'oneza. "Mwachiona ichi?"

Ndinayang'ana. Lolemba, a Kabuku akuwerenga yankho, ine ndinachotsera m'mutu, ndinapeza 137, ndinagwedeza mutu. Ndinayang'ana nambala, kachizindikiro kakutsogolo sindinakayang'ane. Tonse makumi anayi tinachita chimodzimodzi. Ndipo Lachiwiri lonse ndinali nditakhwatcha ana olemba mainasi, ndikumadziuza kuti ana a masiku ano sasamala.

"Mwasaina?" anafunsa.

"Ndinasaina."

"Akulu inu."

Anatembenukira kwa a Girini n'kuwaonetsa pepalalo. A Girini anawerenga, anakanda kuseri kwa khutu ndi cholembera chawo.

"Tsatirani sikimu, mayi."

"Sikimu yalakwa."

"Kaya yalakwa kaya yakhoza, tinasaina."

"Ine sindinasaine."

"Ndiye sainani."

"Mwana uyu wakhoza. Mukufuna ndimukhwatche ndi dzanja langa ili?"

"Ndi malikisi asanu okha."

"Okha? Inu a Girini, chaka chatha munalira pano kuti mwana wanu watsala ndi malikisi awiri kuti alowe ku koleji ya unamwino. Lero asanu asanduka okha?"

A Girini anatsitsa maso. Matebulo oyandikana nafe anali atasiya kuchonga. Namivi anatenga pepalalo n'kuyenda pakati pa holo mpaka kutsogolo, pamene a Kabuku ankakhala pa tebulo la nsalu. Nsapato zake zinkamveka zokha.

Anayamba mwaulemu, ndikuchitira umboni. Anati, "Bwana, pepani, ndachedwa kufika. Ndikuona ngati pa funso lachisanu ndi chiwiri chizindikiro chatembenuka."

A Kabuku anavula magalasi. "Takulandirani, mayi. Tamva za mdzukulu. Za sikimu tinamaliza Lolemba."

"Manambalawa ndi a kupsa, bwana. A kupsa timachotsa kumanja kuchoka ku kumanzere."

"Mayi, mapepala zikwi zinayi tachonga kale. Pa ana khumi amene ayankha funsoli, asanu ndi awiri alemba pulasi. Onsewo ndi olakwa, wokhoza ndinu nokha?"

"Asanu ndi awiriwo awerenga kabuku kamodzi."

Sodiyamu anatsokomola dala. A Kabuku anabwezera magalasi pamphuno pang'onopang'ono.

"Bwererani pa tebulo panu," anatero.

Anabwerera, koma sanachonge. Anakhala manja ali pamiyendo, pepala la 0418 lili patsogolo pake, cholembera chili pambali ndi chivundikiro chake. Ine ndinkatembenuza mapepala anga osaona zimene ndikuwerenga. Ndikafika pa funso limenelo ndinkalidumpha.

Teni koloko belu la tiyi linalira. Anthu anaima pamzere ndi makapu awo. Namivi anapita pa bolodi yakutsogolo, imene a Kabuku ankalembapo chiwerengero cha maenvulopu otsala, n'kutola choko. Sanafufute manambala awo. Anajambula pambali pake.

"Aphunzitsi," anatero mokweza, "bwerani ndi tiyi wanu. Sindichedwa."

Anabwera. Ena chifukwa chofuna kumva, ena chifukwa ndewu ya anthu ophunzira imakoma kuonera.

Anajambula mzere pansi pa bolodi. "Apa ndi pansi pa nyumba. Kaboni dayokisaidi awiri, madzi atatu. Ukawotcha ethini ndi haidirojeni umathera apa. Ukawotcha etheni umatheranso pompa. Tikugwirizana?"

"Tikugwirizana, madamu," anatero Sodiyamu ndi mawu a mwana wa kalasi. Ena anaseka. Iye sanaseke.

"Ethini ndi haidirojeni, kuti afike pansi, atsika 1411 ndi 286. Pamodzi 1697." Anakoka muvi wautali woloza pansi. "Etheni, kuti afike pansi pomwepo, atsika 1560." Anakoka muvi wachiwiri, waufupi. "Ndani amakhala pamwamba?"

Aphunzitsi anayang'ana m'makapu awo.

"Ndikufunsa aphunzitsi a kemisitiri. Wina watsika masitepe 1697, wina 1560. Ndani amakhala pamwamba?"

"Wa 1697," anatero mayi wina kumbuyo.

"Ndiye kuchoka kwa iye kupita kwa mnzakeyo, ukukwera kapena ukutsika?"

"Ukutsika."

"Masitepe 137. Ukatsika, kutentha kumatuluka. Mainasi." Analemba mainasiyo mwamphamvu moti choko chinathyoka. "Kanyimbo kanu kaja n'koona pa manambala a kupangidwa kwa zinthu, chifukwa kumeneko mivi imachoka ku maelementi kupita ku zinthuzo. A kupsa mivi imachoka ku zinthuzo kupita pansi. Muvi watembenuka, kuchotsera nakonso kutembenuke. Mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri wachiona ichi ali yekha, wotchi ikumuthamangitsa. Ife makumi anayi, tili ndi tiyi m'manja, tikumupatsa ziro."

A Kabuku anali ataima pakhomo ndi kapu yawo. Anayenda kubwera kutsogolo, anthu akuwapatukira.

"Mayi, ino si kalasi yanu."

"Ndikudziwa, bwana. M'kalasi mwanga izi sizikanachitika."

"Muli ndi njira yanu yophunzitsira, ena ali ndi yawo."

"Njira zilipo zambiri, yankho ndi limodzi. Ndi lamulo lomwe tikuyesa anawa limenelo." Anatambasula dzanja kwa anthu. "Ndani ali ndi kabuku ka abwana? Musachite manyazi, ndikudziwa kali m'zikwama."

Sodiyamu anatulutsa kake m'thumba la jekete, kopindika ngati kamapita naye kumowa. Namivi anatsegula kumapeto, pamene pali mndandanda wa manambala.

"Tsamba lanu ili, bwana. Enthalipi ya kupangidwa. Ethini, pulasi 52. Etheni, mainasi 85. Haidirojeni ndi elementi, ziro. Apa ndiye kanyimbo kanu kali pakwawo. Imbani nokha. Kumanja kuchotsa kumanzere."

A Kabuku anayang'ana tsambalo.

"Ndikuimbireni? Mainasi 85 kuchotsa 52." Anawapatsa choko. Sanachilandire. Analemba yekha: −137. "Wina ali masitepe 52 pamwamba pa maelementi, wina ali 85 pansi pake. Kuchoka uku kufika uko watsika 137. Njira ziwiri, yankho limodzi. Kabuku kanu komwe kakukana sikimu yanu."

Ndinkawayang'ana a Kabuku nthawi yonseyo. Ndinaona pamene anachiona. Maso awo anayenda kuchoka pa 52 kupita pa 85, milomo inagwedera pang'ono ngati munthu wowerengera chamumtima. Anadziwa. Akanati, "Zikomo mayi, tatembenuza," tikanawalemekeza mpaka lero. Koma kumbuyo kwawo kunali maenvulopu omata kale, ndi tsiku limene analonjeza akuluakulu kuti timaliza, ndi bokosi lija la zilembo zikuluzikulu m'zikwama za ana.

Anatenga dasitala n'kufufuta bolodi. Anafufuta mpaka manambala awo omwe a maenvulopu.

"Sikimu ikasainidwa sitsegulidwa ndi wochonga mmodzi," anatero. "Tikayamba zimenezo, aliyense abwera ndi choko chake. Mayi, muli ndi mpaka tikamabwera ku nkhomaliro. Musaine, muchonge monga anzanu. Apo ayi, mubweze cholembera."

"Bambo anga ali m'manda ndi mkono wopsa chifukwa cha mainasi ameneyu," anatero Namivi. "Inu mukuti thanki ija inkazizira?"

"Za kunyumba kwanu sizili pa sikimu."

Belu linalira. Tinabwerera m'malo.

Nthawi ya nkhomaliro sanadye. Tinakhala pa benchi kuseri kwa holo, pafupi ndi mpopi wodontha. A Girini anabwera ndi mbale yawo.

"Mayi, mverani ine. Sainani. Mukatha mulembe kalata mwakachetechete. Mukabweza cholembera sakuitananinso, mukudziwa. Zaka khumi ndi chimodzi muzitaye chifukwa cha kamzere?"

"Kalata ifika zotsatira zitatuluka."

"Mwanayo simukumudziwa n'komwe."

"Akanakhala wanga ndikanatuluka ndekha, lamulo limatero. Ndakhala pano chifukwa sindikumudziwa."

A Girini anandiyang'ana. "Madala, alankhuleni alamu anuwa."

Namivi anatembenukira kwa ine.

"Angati?"

Ndinadziwa kuti akufunsa za ana amene ndinawakhwatcha Lachiwiri. "Sindinawerenge."

"Werengani."

"Mwina makumi atatu."

"Makumi atatu. Inu amene munandionetsa kagwiridwe ka biyureti mu labotale ine ndikuyamba ntchito. Mwakalamba n'kuyamba kuimba nyimbo za ana." Anaimirira, anakung'untha siketi yake. "Mumakhala chete anthu n'kumati ndinu anzeru. Nthawi zina kukhala chete ndi ulesi basi."



Titabwerera mu holo anapita kutsogolo ndi cholembera chake n'kuchiika pa nsalu ya tebulo. A Kabuku anagwedeza mutu, anayamba kulemba nambala yake m'buku.

"Ndi fomu," anatero Namivi.

"Fomu yanji?"

"Ya wochoka ntchito isanathe. Yachikasu ija."

A Kabuku anasiya kulemba. Fomuyo ilipo, ngakhale ambiri sanaionepo. Wochonga akachoka pakati pa ntchito, kaya wadwala kaya kwagwa maliro, amalemba chifukwa chake. Mafomuwo ali ndi nambala zotsatana, ndipo onse amapita ku ofesi yaikulu, kwa anthu a pamwamba pa mkulu wa ochonga. Ikasowa imodzi, amafunsa.

"Palibe chifukwa chovutikira, mayi. Ndilemba kuti kunyumba kuli mwana wakhanda."

"Mwanayo ali ndi amake. Ndipatseni fomu."

A Kabuku anatsegula kabati n'kumupatsa. Namivi anawerama pa tebulo lawo lomwelo, anabwereka cholembera chakuda kwa kalaliki. Pa mizere itatu yolembapo chifukwa, sanalembe mawu. Anatenga lula. Anajambula mzere pansi, mivi iwiri yoloza pansi, 1697 ndi 1560. Pambali pake 52 ndi 85. Pansi pa zonse analemba: Funso 7. Sikimu +137. Zoona −137. Ndakana kukhwatcha 0418.

A Kabuku anaiwerenga nthawi yaitali kuposa mmene inkafunikira. Kenako analoza kumunsi kwake ndi chala.

"Imafuna mboni. Wochonga mnzanu amene akuvomereza kuti zimene mwalembazi ndi zoona. Popanda mboni ndi pepala wamba."

Anakweza maso n'kuyang'ana holo yonse, tebulo ndi tebulo. Aliyense anapeza chochita. Sodiyamu ankafunafuna chinthu pansi pa mpando. A Girini ankawerenga maenvulopu amene anali atawerenga kale. Namivi sanayang'ane aliyense, ndipo ine sanandiyang'ane dala.

Mawondo anga amavuta ndikakhalitsa. Ndinatenga nthawi kuti ndifike kutsogolo.

"Madala," anatero a Kabuku motsitsa mawu, "inu munasaina sikimu."

"Ndinasaina."

"Ndiye mukudzitsutsa nokha."

"Eya."

Ndinasaina. Namivi anatenga chikwama ndi botolo lake la madzi, anatola foni m'bokosi, n'kutuluka. Sanatsanzike aliyense. Envulopu yake a Girini anaiika pa mulu wanga. Pepala la 0418 ndinaliika pansi penipeni.

Lachinayi m'mawa tinapeza kapepala pa tebulo lililonse, kotayipa, kopanda dzina la munthu. Kanati: Funso 7, landirani −137 kapena +137, ndi njira yake. Maenvulopu onse ochongedwa atsegulidwenso.

Tinatha masiku awiri tikumatula zomata. Anthu ankatukwana chapansipansi, ndipo amene ankamutukwana sanali a Kabuku. Ankati mayi uja watiwonongera Loweruka. Sodiyamu yekha ndi amene anati, "Inu, tikanakhala madokotala bwenzi tikufukula anthu." A Kabuku anakhala kutsogolo ndi tayi wawo, akulemba manambala atsopano pa bolodi. Pansi pa manambalawo mivi ija inkaonekabe mbuu, chifukwa dasitala anali wakutha.

Lamlungu masana ndinapita kwa mng'ono wanga. Ndinamupeza Namivi kuseri kwa nyumba akuyanika matewera. Mng'ono wanga anali pansi pa galimoto ya mnzake, miyendo yokha ili panja. Ndinatulutsa kapepala kaja n'kumupatsa. Anapukuta manja, anawerenga.

"Kapena," anatero.

"Ndi mmene alembera."

"Mainasi kapena pulasi. Kutuluka kapena kulowa, zonse n'zabwino." Anakweza mawu kuloza ku galimoto. "Bambo a mwana, mwamva? Basi yanu ikamatsetsereka phiri, ndi chimodzimodzi kukwera. Musamavutike ndi mabuleki."

"Ine musandilowetsemo," anayankha mng'ono wanga ali pansi pomwepo. "Ndinakuuzani kuti muzingophunzitsa zoimba."

"Ndiye ana asanu ndi awiri pa khumi aja apita kwawo akudziwa kuti anakhoza. Ena mwa iwo adzakhala aphunzitsi. Wina adzaima pambali pa thanki." Anakwinya kapepalako n'kukaponya m'beseni la madzi a sopo. "Munthu wamkulu kulephera kulemba mawu awiri. 'Ndinalakwa ine.' Mawu awiri okha."

Anatenga thewera lina, analikung'untha mwamphamvu kuposa mmene linkafunikira, analipachika. Kenako, osanditembenukira:

"0418?"

"Asanu."

"Mwachonga ndinu?"

"Ndine."

"Nanga aja munawakhwatcha?"

"Anali makumi atatu ndi anayi. Ndawapeza onse."

"Mwawerenga tsopano."

"Ndawerenga."

Anandipatsa mbali ina ya nsalu ya mwana kuti tigwirizane poifinya. Tinafinya. Anati, "Khalani pansi, alamu, mawondowo," n'kupita kukateleka madzi a tiyi.

Chaka chotsatira kalata yoitana ochonga inabwera kwa a Girini ndi kwa Sodiyamu. Kwa Namivi sinabwere, kwa inenso ayi. Ine ndinali nditatopa kale. Iye sabata imeneyo anakolopa nyumba yonse kawiri, anakangana ndi wailesi, ndi wogulitsa makala, ndi mwamuna wake. Mpaka lero nyengo yochonga ikafika, mng'ono wanga amapempha maulendo aatali.

Kabuku kaja kanasindikizidwanso. Mwana wina wa m'kalasi mwake anabwera nako, Namivi n'kubwera nako kwa ine. Bokosi la zilembo zikuluzikulu lilipobe, koma mawu oti NTHAWI ZONSE anachotsamo. Pansi pake pali chithunzi chatsopano, mzere ndi mivi iwiri yoloza pansi.

"Taonani bwino," anatero, chala choyera chija chili pa tsambalo. "Aijambula yofanana kutalika. Mwana adziwa bwanji amene ali pamwamba?"

Anatenga lula ndi cholembera chofiira cha iye mwini, n'kutalikitsa muvi wa kumanzere.